Oda yosainidwa ndi manejala, kampani ikukana kulipira

"Ndinapereka katundu pa oda yosainidwa ndi manejala wogula zinthu. Tsopano kampaniyo ikuti iyeyo analibe mphamvu zosainira. Kodi ndalama zanga zapita?"

Amayi, zimenezi zinandigwera ine ndi kampani ina yomanga ya ku Chinika mu Lusaka. Manejala wawo anaitanitsa simenti kwa ine kasanu, pa pepala la kampani lokhala ndi chidindo, ndipo kasanu konseko analipira bwinobwino. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anaitanitsa matumba 600 a K96,000, ine ndinakongola ndalama n'kupereka. Nditapita kukalondola malipiro anandikhazika pabenchi maola atatu, kenaka dayirekita wamkulu anatuluka makiyi a galimoto ali m'manja, osandipatsa ndi moni womwe, nanena pamaso pa alonda kuti oda iliyonse yoposa K50,000 imafuna masiginecha a madayirekita awiri, choncho ndikamufunse manejalayo, amene anali atamuchotsa kale ntchito. Pamene ankalankhula choncho, simenti yanga inali itauma kale m'maziko a nyumba yawo. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyo sindinamuonepo.

Loya wanga anandiuza kuti manejalayo analibedi mphamvu zenizeni, zimene bodi ya madayirekita imapereka, chifukwa anadumpha malire ake. Koma pali mphamvu zooneka, zimene zimabwera pamene kampani yokha, mwa zochita zake, yachititsa munthu wakunja kukhulupirira kuti wantchito wakeyo ndi wololedwa. Iwowo anamupatsa udindo wogula zinthu, analipira maoda ake asanu, ndipo za malirewo sanandiuzepo. Makhothi a kuno ku Zambia amatsatiranso mfundo ya mlandu wa ku England wa Turquand wa mu 1856, yakuti wochita malonda moona mtima sakakamizidwa kufufuza ngati kampani yatsatira ndondomeko zake zam'kati. Komanso kugwiritsa ntchito katundu ukudziwa mmene anabwerera kungatengedwe ngati kuvomereza mgwirizanowo. Kampani ija inandilipira patatha miyezi isanu ndi iwiri, italandira kalata yachiwiri ya loya.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Chikhulupirirocho chiyenera kuchokera kwa kampani, osati pakamwa pa wosainayo yekha, ndipo ngakhale dayirekita wamba sangachite mgwirizano m'dzina la kampani payekha chifukwa chongokhala m'bodi. Ngati inali oda yanu yoyamba, kapena munali mutamvapo za malirewo, kapena anakuuzani kuti katunduyo mukatsitse kunyumba kwake, mlandu wanu ndi wofooka. Sonkhanitsani maoda akale, umboni wa malipiro ndi mapepala amene anasainira polandira katundu.

Ngakhale lamulo silinandikakamize kufufuza, inu muzifufuza ndithu. Ine masiku ano oda ikakula ndimayamba ndaona mayina a madayirekita ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, kenaka ndimapempha kalata ya chigamulo cha bodi, ndipo popanda kalatayo thiraki silituluka pageti.