Mitengo ya tenti yakanirirana

"Mitengo ya tenti yanga, yolowetsana ija, yakanirirana nditabwera nayo kunyanja. Ndakoka mpaka manja kuwawa, koma siikusuntha. Nditani?"

Musayambe mwaigwira ndi pulayala, chifukwa chitsulo cha aluminiyamu n'chofewa, ndipo mukangochifinya n'kuphwanyika, mtengowo sudzalowanso bwino m'unzake. Yang'anani kaye polumikizira paja. Mukaona mchenga kapena dothi louma, vuto ndi laling'ono: viikani malowo m'madzi ofunda a sopo kwa mphindi 30, kenako potokolani uku ndi uku muli m'madzi momwemo kuti mchenga uzituluka.

Mukaona ufa woyera ngati phulusa, dziwani kuti aluminiyamuyo wadyeka, ndipo ufawo umatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene chadyekacho, n'chifukwa chake umamanga kwambiri. Imikani mtengowo chilili, donthezani mafuta omasulira mabawuti monga WD-40 pamlomo wa cholumikizira, ndipo muusiye usiku wonse. M'mawa gogodani mozungulira pang'onopang'ono ndi kamtengo, osati hamala.

Ukakanabe, thirani madzi otentha pa chigawo chakunja chokha kuti chifutukuke, chamkati mutachikulunga ndi nsalu yonyowa yozizira. Pomwepo anthu awiri agwire mbali zonse ndi zidutswa za chubu cha njinga, kuti manja asaterereke, n'kupotokola mosemphana uku akukoka. Moto musayerekeze, chifukwa umasungunula chingwe cha lasitiki cha m'kati ndiponso umafooketsa chitsulo.

Zikalekana, palani ufawo ndi sandipepala yosalala, tsukani mafuta onse, ndipo muumitse musanalowetsenso.