Inshulansi yadulidwa kawiri mu akaunti, vuto lili pati?

"Akulu, ndimalipira inshulansi ya shopu kudzera ku banki mwezi ndi mwezi. Mwezi uno andidula kawiri, pa 1 ndi pa 3, ndalama yofanana ndendende. Ku banki akuti palibe cholakwika. Andibera kapena?"

Pepani achimwene, ndalama ya mpamba ikachoka chonchi zimawawa. Koma ine ndikuganiza kuti simunaberedwe ayi, mwina muli ndi mipope iwiri yomwe ikuthira mu ndowa imodzi.

Mpope woyamba ndi sitanding'i oda, ili ndi lamulo lanu kwa banki yanu, mumawauza kuti pa tsiku lakuti muzitumiza ndalama zakuti kwa uje, ndipo banki imangotumiza osafunsa ngati ujeyo walipidwa kale. Ndalamayo sisintha pokhapokha inuyo muisinthe. Dayirekiti debiti ndiye mpope winawo, apa mumasayinira kampani chilolezo choti izibwera yokha kudzatapa mu akaunti mwanu, ndiye ndalama ikhoza kukwera kapena kutsika malinga ndi bilu.

Zimene zimachitika kawirikawiri nzoti munthu anakhazikitsa sitanding'i oda kalekale, tinene 40,000 pa 1, kenako pokonzanso polise ya inshulansi anapatsidwa mafomu angapo nkusayina onse mothamanga, pakati pake pali ya dayirekiti debiti. Kampani yayamba kutapa 40,000 pa 3, koma oda yakale ija palibe anaiimitsa, ndipo kampaniyo singaiimitse chifukwa si yawo. 80,000 yapita. Nchifukwa chake a banki akuti zonse zili bwino, kwa iwo malamulo onse awiri ndi anu.

Tengani sitetimenti muone mizere iwiriyo. Mabanki ambiri amalemba `SO` kapena `STO` pa sitanding'i oda ndi `DD` pa dayirekiti debiti, ndipo manambala a lefelensi amasiyana. Zikatero ndiye nkhani ndi yomweyi. Koma onse akakhala `DD` bwererani mwezi watha, mwina munalibe ndalama zokwanira ndiye angotolera ngongole ya mwezi umenewo. Ngati mwezi watha munalipira bwinobwino ndiye kampani yatapa kawiri molakwitsa, kadandauleni ku banki molemba kalata, musachedwe poti nthawi yodandaulira imakhala ndi malire.

Zikapezeka kuti ndi mipope iwiri ija, imitsani sitanding'i oda yokhayo, padakali masiku angapo pa 1 pasanafike, ndipo akupatseni umboni wolemba. Chonde musaimitse zonse ziwiri chifukwa cha mkwiyo, polise ikhoza kufa inu osadziwa, nkudzazindikira tsiku la ngozi.

Za 40,000 yowonjezerayo pitani ku kampani ya inshulansi, banki kawirikawiri sibweza ndalama imene munailamula nokha kuti itumize. Aonetseni sitetimenti ndi nambala ya polise, muwapemphe akubwezereni. Ena amakonda kunena kuti tiisungira mwezi wamawa, mukavomera zimenezo akulembereni kuti pa 3 pakubwerapa sadzatapa, apo ayi adzatapanso.