Mndandanda wa ntchito mu Jira wafika pa matikiti 400

"Matikiti athu mu Jira akwana 400, ambiri ndi obwerezabwereza ndipo ena akhala zaka osagwiridwa. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambani ndi matikiti amene akhala nthawi yaitali osakhudzidwa, ndipo muwatseke osati kuwafufuta, chifukwa tikiti yofufutidwa mu Jira imapita pamodzi ndi ndemanga ndi zithunzi zake zonse. Muwapeze motere:

```
resolution = Unresolved AND updated <= -180d
```

Pa iliyonse funsani ngati alipo amene adzaigwiredi miyezi itatu ikubwerayi. Ngati palibe, itsekeni ngati "Won't Do" ndipo mulembe chifukwa chake.

Pa obwerezabwereza ndi pamene muyenera kudekha. Sungani tikiti imene ikufotokoza bwino njira yoonetsera vutolo, ngakhale ikhale yatsopano, musamutsiremo zofunika za m'zinazo, kenako muzilumikize ndi "duplicates" musanazitseke. Ine ndinaphatikizapo matikiti awiri onena kuti lipoti silikutsitsika, pongoona mitu yofanana, koma ina inali ya fayilo yaikulu kwambiri pomwe inayo inali ya munthu wopanda chilolezo. Tinakonza vuto limodzi lokha, kasitomala winayo anadikira mwezi wathunthu.

Tikiti yokhudza chitetezo cha deta kapena lonjezo la m'kontirakiti musaitseke nokha. Ionedwe kaye ndi katswiri wa chitetezo kapena wa zamalamulo.