Kufuna, kukayika ndi kukondwa m'Chisipanishi: mneni wachiwiri amasintha liti?

"Zikomo achimwene. Ndikuphunzira Chisipanishi, ndipo aphunzitsi andithetha ziganizo ziwiri: *Quiero que vienes mañana* ndi *Me alegra que estás aquí*. Akuti ponse pawiri pakufunika subuhuntivo. Anatiuza kuti subuhuntivo ndi ya zinthu zosatsimikizika, nanga pa chiganizo chachiwirichi munthuyo si alipodi pamaso panga? Ndithandizeni."

Tiyambe ndi chiganizo choyamba, chifukwa pamenepa Chichewa chinakuphunzitsani kale theka la ntchito. Timati "ndikudziwa kuti ubwera", koma "ndikufuna kuti ubwere", ndipo palibe amene amasokoneza ziwirizi. Mneni wothera ndi -e uja sakunena kuti kubwerako kulipo, akungotchula chimene mtima ukufuna. Chisipanishi chimachita chimodzimodzi: *sé que vienes*, koma *quiero que vengas*. Kanenedwe koyambako, kofotokoza zimene zilipo, ndi indikativo, ndipo kachiwiriko ndiye subuhuntivo.

Kapangidwe kake m'nthawi yatsopano kali motere. Tengani mneni monga mmene amamvekera ndi *yo*, chotsani -o wakumapeto, kenako sinthanitsani lembo laliwu: aneni othera ndi -ar amalandira -e, pamene othera ndi -er kapena -ir amalandira -a. Motero *hablar* amapereka *hablo*, kenako *hable, hables, hable, hablemos, habléis, hablen*. *Venir* amapereka *vengo*, kenako *venga, vengas* mpaka *vengan*, ndipo *tener* amapereka *tengo*, kenako *tenga*. Musadumphe sitepe ya *yo*, chifukwa g wa mu *venga* ndi *tenga* simungamupeze mukayambira pa *venir* ndi *tener*. Aneni asanu ndi mmodzi satsata njirayi ndipo ndi ofunika kungowaloweza: *sea* wa *ser*, *esté* wa *estar*, *vaya* wa *ir*, *sepa* wa *saber*, *haya* wa *haber* ndi *dé* wa *dar*.

Ndikuganiza kuti cholakwa chanu chinachokera ku khutu lozolowera Chichewa. Kwa ife mneni wothera ndi -e amamveka ngati wa chifuniro, choncho *vienes* anamveka bwino pambuyo pa *quiero que*. Koma kwa aneni a -er ndi -ir zinthu ndi zotembenuka: *viene, tiene, come* ndi indikativo, pamene *venga, tenga, coma* ndiwo subuhuntivo. Musanakhulupirire khutu, yambani mwafunsa kuti mneniyo ndi wa gulu liti.

Pa zofuna pali lamulo linanso. Subuhuntivo imabwera pokhapokha wofunayo ndi wochitayo akakhala anthu osiyana. M'Chichewa tikhoza kunena "ndikufuna kupita" kapena "ndikufuna kuti ndipite", koma m'Chisipanishi njira ndi imodzi yokha, *quiero ir*. Mukanena *quiero que vaya*, womvera adzamva kuti mukufuna munthu wina apite. *Espero que*, *deseo que* ndi *prefiero que* amayenda chimodzimodzi, ndipo *ojalá* nthawi zonse amatsatidwa ndi subuhuntivo, monga mu *ojalá llueva*, pamene munthu akulakalaka mvula.

Pa kukayika Chichewa chimasiya kutithandiza, pakuti timati "ndikukayika ngati abwera" osasintha mneni. Chisipanishi chimati *dudo que venga*, *es posible que venga*. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi *creer*. Munthu wonena *creo que viene* sanatsimikize kwenikweni, komabe mneni wake ndi indikativo, chifukwa akupereka ganizolo ngati lake, akuima nalo. Akangoika *no* kutsogolo, waleka kuima nalo, ndipo mneni amasintha: *no creo que venga*. Samalani malo a *no* ameneyu, chifukwa *creo que no viene* imakhalabe mu indikativo; apa wolankhula akuima ndi ganizo lakuti munthuyo sabwera. Mawu akuti *a lo mejor* amatanthauza "mwina" koma amatsatidwa ndi indikativo, pamene *quizás* ndi *tal vez* amalola kanenedwe konse kawiri. *No sé si viene* ndiye kalankhulidwe kofala, ngakhale ku Mexico mudzamvanso *no sé si venga*.

Zitsanzo zimenezi zikuonetsa kale kuti lamulo la "zosatsimikizika" ndi loperewera. Ndi lothandiza pa tsiku loyamba la phunziroli, koma ine ndimaona kuti ndi bwino kulisiya msanga n'kutenga funso ili: kodi mbali ya chiganizo yotsatira *que* ikudziwitsa womvera kuti chinthucho chili choncho? Ngati ikudziwitsa, gwiritsani ntchito indikativo. Ngati ikungotchula chinthucho kuti wolankhula achifune, achikayikire kapena anene mmene chamukhudzira, gwiritsani ntchito subuhuntivo.

Tsopano chiganizo chanu chachiwiri chimveka. Mnzanu akaima pamaso panu, simukumuuza nkhani yakuti ali pano, pakuti akudziwa kale. Chatsopano chimene mukumuuza ndi chimwemwe chanu, ndipo chimenecho chili mu *me alegra*, mneni amene ali mu indikativo. Kupezeka kwakeko mwangokutchula monga gwero la chimwemwecho, n'chifukwa chake timati *me alegra que estés aquí*. Kuti chinthucho n'choona sizisintha kanthu. Momwemonso *me molesta que hables así*, *me sorprende que no lo sepas*, *es una pena que no puedas venir* ndi *tengo miedo de que se pierda*. Lamulo la anthu awiri lija limagwiranso ntchito kuno: wokondwa ndi wopezekayo akakhala munthu mmodzi, timati *me alegra estar aquí*.

Mneni *sentir* amaonetsa bwino kwambiri kusiyanaku, chifukwa ali ndi matanthauzo awiri. *Siento que estés enfermo* ndi kupepesa munthu amene tonse tikudziwa kuti akudwala. *Siento que estás enfermo* ndi kumuuza kuti mukuona ngati akudwala, kutanthauza kuti mukumudziwitsa zimene mwazindikira. Mawu onse ndi amodzimodzi kupatula mneni wachiwiri, ndipo womvera amadalira mneni ameneyo kuti adziwe ngati mukumupepesa kapena mukumuchenjeza.

Tiyeni tiyese ndi nkhani imodzi yakuti mlongo wanu ali pa ntchito ku Madrid. Mneni ndi *tener*, wa gulu la -er, ndipo *tengo* akutipatsa *tenga*. Pouza mnzanu amene sakudziwa, mudzati *sé que mi hermana tiene trabajo en Madrid*, kapena *creo que tiene trabajo* ngati mwangomva mphekesera koma mukuzikhulupirira. Ngati ntchitoyo sanaipeze ndipo mukumufunira, *quiero que tenga trabajo*. Ngati mphekeserazo simukuzikhulupirira, *no creo que tenga trabajo*. Ngati ntchitoyo anaipezadi ndipo mwakondwa, *me alegra que tenga trabajo*. Pa ziganizo zitatu za *tenga*, m'choyamba ntchito palibe, m'chachiwiri sizikudziwika, m'chachitatu ilipo, koma m'zonsezi simukudziwitsa munthu kuti ntchito ilipo.

Chotsala ndi nthawi. Chinthu chimene mukuchikondwera kapena kuchikayikira chikakhala kuti chachitika kale, gwiritsani ntchito *haya* ndi mneni wa -ado kapena -ido: *me alegra que hayas venido*, *dudo que haya llegado*. Mneni woyambayo akakhala wa nthawi yakale, wachiwiri amamutsatira. Tengani mneni wa *ellos* wa nthawi yakale, monga *vinieron* kapena *tuvieron*, chotsani -ron n'kuika -ra, ndipo mudzapeza *viniera* ndi *tuviera*. Motero *quiero que vengas* imakhala *quería que vinieras*, ndipo *no creo que tenga trabajo* imakhala *no creía que tuviera trabajo*. Mukakumana ndi *viniese* kapena *tuviese* m'mabuku, dziwani kuti m'ziganizo za mtundu uwu tanthauzo lake ndi lomwelo.