Kapena wolola zonse ziwiri ndi kapena wosankhitsa chimodzi

"Pa kosi ya lojiki atipatsa zizindikiro ziwiri za kapena, ∨ ndi ⊕. Ndikafika pa ndime za kontirakiti ndimangolota choti ndiikepo. Pali njira yodziwira?"

Njira ilipo achimwene, ndipo ndi funso limodzi lokha: zinthu ziwiri zimene kapena walumikiza zikachitika zonse, chiganizocho chikhalabe choona kapena chasweka? Zizindikiro ziwirizi zimagwirizana pena paliponse kupatula pamenepo. Onani tebulo ili, 1 akuimira zoona, 0 zabodza:

```
P  Q   P ∨ Q   P ⊕ Q
1  1     1       0
1  0     1       1
0  1     1       1
0  0     0       0
```

Mzere woyamba ndiye mlandu wonse. ∨ amati chimodzi chikwanira, ndipo zikabwera zonse palibe vuto. ⊕ amati chimodzi basi, zonse ziwiri ayi. Mabuku ena amamulemba ⊻, ndipo ngati aphunzitsi anu salola chizindikiro chapaderachi, mulembe motalika kuti `(P ∨ Q) ∧ ¬(P ∧ Q)`, tanthauzo lake ndi lomwelo.

Tiyeni titenge kontirakiti yogulitsana makina osindikizira. Ndime 5 ikuti: "Makina akafika mochedwa kapena akafika owonongeka, wogula ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano." Tinene kuti C ndi "afika mochedwa", W ndi "afika owonongeka", T ndi "wogula ali ndi ufulu wothetsa". Cholemba ndi `(C ∨ W) → T`. Kuti muone chifukwa chake, yesani kuikapo ⊕ dala. Makina afika mochedwa, afikanso osweka, ndiye C ndi 1, W ndi 1, ndipo `C ⊕ W` ikhala 0. Mbali yakumanzere kwa muvi ikakhala 0, ndimeyo sikakamiza chilichonse. Zikatero wogulitsa amene walakwa kamodzi amuthetsera kontirakiti, koma wolakwa kawiri wapulumuka. Palibe anthu awiri amene angasainirane zoterozo. N'chifukwa chake kapena wopezeka pa zifukwa, monga zothetsera mgwirizano, zochotsera munthu ntchito kapena zomuyenereza kulandira chinthu, pafupifupi nthawi zonse ndi ∨.

Ndime 6 ndi imene imapusitsa ambiri: "Makina akawonongeka pasanathe miyezi 12, wogulitsa adzawakonza kapena adzabweza ndalama." Aliyense amathamangira ⊕ chifukwa wogula sangalandire makina okonzedwa n'kutenganso ndalama zake. Koma dikirani kaye. Ngati K ndi "wogulitsa wakonza" ndipo B ndi "wogulitsa wabweza ndalama", kulemba `K ⊕ B` ndi kunena kuti wogulitsa amene wachita zonse mwa kufuna kwake waswa kontirakiti. Waswa pati? Ndimeyo yamuuza chochepetsetsa chimene ayenera kuchita, sinamuletse kupitirira. `K ∨ B` ikukwanira, ndipo ikumuteteza kale: akachita chimodzi wamaliza udindo wake, wogula alibe poimira kuti afunenso chinacho. Kumva kwathu kwakuti "ndi chimodzi chokha" kukuchokera pa kudziwa mmene malonda amayendera, osati pa mawu olembedwawo.

⊕ amalowa pamene kuchita zonse kwaletsedwadi. Ndimeyo ikanati "wogula adzasankha chimodzi, kukonzeredwa makina kapena kubwezeredwa ndalama, osati zonse ziwiri", ndipo K ndi B akuimira zimene wogula wasankha, apo `K ⊕ B` ndi yolondola. Muone kuti chasintha yankho ndi zinthu ziwiri: mawu oletsa, komanso tanthauzo limene mwapatsa zilembo. Wolemba fomula asanalembe kuti K akuimira chiyani kwenikweni akungolota, ngakhale atapeza bwino.

Ndipo pali kamsampha kena pa mneni. "Adzasankha" ndi "angathe kusankha" si zofanana. ⊕ amakana zonse ziwiri, koma amakananso kusatenga chilichonse, onaninso mzere womaliza wa tebulo. Ngati wogula ali ndi ufulu wongozisiya, chimene chaletsedwa ndi kutenga zonse basi, ndiye mulembe `¬(K ∧ B)`. Choncho pali zinthu zitatu zosiyana: chimodzi kapena kuposa, chimodzi ndendende, ndi chosapitirira chimodzi.

Za ziganizo zimene mbali zake sizingachitikire limodzi, monga "kalatayo inasainidwa Lolemba kapena Lachiwiri", musatayepo nthawi. Mzere woyamba sungachitike n'komwe, choncho zizindikiro zonse zipereka yankho limodzi. Ikani ∨, poti chikuletsa zonse ziwiri ndi kalendala, osati kapena.

Pamene anthu odziwa amagwa ndi pa zinthu zitatu. Tinene kuti wogula asankhe chimodzi chokha mwa kukonzeredwa, kusinthiridwa makina ndi kubwezeredwa ndalama: K, S, B. Dzanja limafuna kulemba `K ⊕ S ⊕ B`, koma yesani zonse zikhale 1. `1 ⊕ 1` ipereka 0, kenako `0 ⊕ 1` ipereka 1. Fomulayo yavomera wogula wotenga zonse zitatu! Chifukwa chake n'chakuti ⊕ wolumikizidwa amangowerenga ngati zoona zilipo 1, 3, 5 ndi kupitirira motero, safunsa ngati chili chimodzi. Cholondola ndi kufuna chimodzi, kenako kuletsa ziwiriziwiri:

```
(K ∨ S ∨ B) ∧ ¬(K ∧ S) ∧ ¬(K ∧ B) ∧ ¬(S ∧ B)
```

Amene mumayang'anira madandaulo a makasitomala pa Excel, vuto lomweli lili mmenemo. `=XOR(TRUE,TRUE,TRUE)` imapereka `TRUE`. Mukafuna chimodzi ndendende, werengani:

```
=COUNTIF(A2:C2,TRUE)=1
```

Mukakhala kuti ndinu wolemba kontirakitiyo osati womasulira, musasiye kapena ali yekha pamalo pamene mzere woyamba ungachitike. Mukafuna ∨, lembani "A kapena B, kapena zonse ziwiri". Malamulo ambiri a zilango amalembedwa chomwecho, chindapusa kapena ndende kapena zonse, kuti pasakhale wotsutsa zoti khoti lingapereke ziwirizo pamodzi. Mukafuna ⊕, lembani "chimodzi chokha mwa izi". Kalembedwe ka "ndi/kapena" ine sindikakonda. Pa zinthu ziwiri kamangotanthauza ∨, koma pa mndandanda wa "A, B ndi/kapena C" wowerenga amayamba kufunsa ngati A ndi wokakamiza kapena nayenso ndi wosankha. Makhoti amawerenga ndime pamodzi ndi kontirakiti yonse, ndipo m'maiko ambiri mawu akakhalabe a matanthauzo awiri amawamasulira motsutsana ndi amene anawalemba, ndiye ulesi wa mawu anayi umadzalipidwa ndi wolembayo.

Chimodzi chimene ∨ ndi ⊕ sangakuuzeni ndi mwini chisankho. Pa ndime 6, wogulitsa adzafuna kukonza chifukwa n'kotchipa, wogula adzafuna ndalama zake, ndipo fomula ivomera onse awiri. Ndimeyo imafunika kuwonjezera kuti "malinga ndi kusankha kwa wogula" kapena "kwa wogulitsa", ndi masiku amene wosankhayo ayenera kukhala atanena, mwachitsanzo 14 kuchokera tsiku limene walandira kalata ya dandaulo.