Foni yandikumbutsa msonkhano sabata isanakwane

"Anzanga pagulu pano ndithandizeni. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi kuno ku Thyolo, timakumana Lachisanu lomaliza mwezi uliwonse. Ndinaika pa Google Calendar mu Febuluwale ndipo zimayenda bwino, koma mu Meyi foni yandikumbutsa pa 22 pomwe msonkhano unali pa 29. Chalakwika n'chiyani? Nanga banki m'khonde yathu ya Lachiwiri, kawiri pamwezi, ndingaiike bwanji?"

Alembi, foni yanu ndi yabwinobwino. Yatsatira lamulo lomwe inapatsidwa, kungoti lamulolo si lomwe inu munali nalo m'mutu.

Tengani kalendala ya 2026 ya pakhoma muwerenge. Mu Febuluwale, Lachisanu likugwa pa 6, 13, 20 ndi 27, kanayi basi. Choncho 27 Febuluwale, pomwe mndandanda wanu unayambira, linali Lachisanu la nambala 4 komanso lomaliza. Malichi chimodzimodzi, pa 27, ndipo Epulo pa 24. Miyezi itatu yonseyi malamulo awiriwa amapereka tsiku limodzi, n'chifukwa chake simunaone kanthu. Koma Meyi unayamba Lachisanu, ndiye linagwa kasanu: 1, 8, 15, 22 ndi 29. La nambala 4 ndi 22, lomaliza ndi 29. Mukazisiya momwemo zichitikanso mu Julayi, pomwe foni idzalira pa 24 m'malo mwa 31, ndi mu Okutobala, pa 23 m'malo mwa 30.

Musanakonze, onani kaye pomwe msonkhano wa Juni wagwera, chifukwa pali njira ziwiri zofikira pa 22 Meyi. Ukakhala pa 26 Juni, ndiye kuti munasankha "Monthly on the fourth Friday". Ukakhala pa 19 Juni, munaika kuti uzibwereza pakatha masabata 4 aliwonse, ndipo imeneyo ndiye yoipa kwambiri. Masabata 4 ndi masiku 28, pomwe miyezi yonse kupatula Febuluwale ili ndi masiku 30 kapena 31, ndiye tsikulo limanka libwerera m'mbuyo: 19 Juni, 17 Julayi, 14 Ogasiti, mpaka lifika kumayambiriro kwa mwezi. Pachaka zimakwana 13 m'malo mwa 12.

Kukonza kwake n'kumodzi. Tsegulani msonkhano wolakwika wa pa 22 Meyi, muufufute, ndipo foni ikafunsa sankhani "This and following events" kuti ya m'mbuyo ija itsale ngati mbiri. Kenako yambitsani watsopano pa 29 Meyi, ngakhale tsikulo lapita kale, palibe choletsa. Ndikunena 29 dala. Pulogalamuyi imaona tsiku lomwe mwayambira n'kukupatsani zosankha zogwirizana nalo, moti mukayambira pa Lachisanu la pakati pa mwezi, mawu oti "last" simuwaona n'komwe. Mukayambira pa la nambala 5, sipakhalanso chosokoneza. Dinani pomwe palembedwa "Does not repeat", sankhani "Custom", ikani kubwereza mwezi umodzi uliwonse, ndipo pansi pake musankhe "Monthly on the last Friday". Mawu amasiyana pang'ono pakati pa foni ndi kompyuta, koma chofunika ndi "last" chimenecho. Osasankha cha tsiku la 29, chifukwa chimatsatira deti osati Lachisanu, ndipo 29 Juni ndi Lolemba.

Mukasunga, musangokhulupirira. Pitani pa Julayi muone ngati uli pa 31, ndi Okutobala ngati uli pa 30. Kuona Juni yekha sikuthandiza, popeza 26 ikugwirizana ndi malamulo onse awiri.

Kwa okonda kudziwa za mkati: makalendala ambiri amasunga kubwereza kotere mu mzere umodzi, motsatira ndondomeko ya iCalendar, yomwe inalembedwa mu RFC 5545 mu 2009. Mzere woyamba apa ndi womwe mwina muli nawo, wachiwiri ndi womwe mukufuna:

```
RRULE:FREQ=MONTHLY;BYDAY=4FR
RRULE:FREQ=MONTHLY;BYDAY=-1FR
```

Nambala 4 imawerenga kuchokera kumayambiriro kwa mwezi, pomwe -1 imawerenga kuchokera kumathero. Foni siyisunga mndandanda wa madeti, imangosunga tsiku loyambira ndi lamuloli, n'kumawerengera yokha mwezi ndi mwezi.

Pali mwezi umodzi mu 2026 womwe lamulo lolondola likupatsanibe tsiku losatheka. Lachisanu lomaliza la Disembala 2026 ndi pa 25, Khirisimasi, ndipo sindikhulupirira kuti alipo mlimi amene adzasiye mpunga wa nkhuku n'kubwera kudzamva lipoti la msungichuma. Gwirizanani pa msonkhano wa Novembala, tinene kuti mwasankha pa 18. Tsegulani wa pa 25 wokhawo, sinthani deti, ndipo musankhe "This event". Mukasankha kuti kusinthako kukhudze yotsatira kapena yonse, mwaononganso mndandanda womwe mwangoukonza.

Tsopano banki m'khonde. Apa yambani mwafunsa malamulo a gulu lanu, chifukwa kawiri pamwezi kumachitika m'njira ziwiri, ndipo magulu ambiri sanakhalepo pansi n'kusankha. Njira yoyamba ndi kudumpha sabata imodzi nthawi zonse. Ina ndi kukumana Lachiwiri la nambala 2 ndi la nambala 4 mwezi uliwonse. Mu Juni zonsezi zikufanana, pa 9 ndi pa 23. Koma Juni ali ndi Lachiwiri kasanu, lomaliza pa 30, ndiye mu Julayi zikusiyana. Odumpha sabata akumana pa 7 ndi 21, pomwe enawo akumana pa 14 ndi 28, patadutsa masabata atatu kuchokera pa 23 Juni. Pachaka oyambawo amakumana ka 26, nthawi zina ka 27, enawo ka 24, ndipo pa gulu lomwe limagula masheya msonkhano uliwonse, kusiyana kumeneko kumaoneka pa tsiku logawana. Ine ndimakonda ya nambala 2 ndi 4, chifukwa mayi amene alibe foni ya intaneti akhoza kuwerenga yekha pa kalendala ya kutchalitchi, pomwe yodumpha sabata imafuna kukumbukira kuti munakumana liti komaliza.

Ngati ndi yodumpha sabata, yambirani pa Lachiwiri lomwe mukukumanadi, sankhani "Custom", ikani masabata 2, ndipo muonetsetse kuti Lachiwiri lokha ndi lomwe lachongedwa. Tsiku loyambira ndi lomwe limauza foni sabata yokumana ndi yopuma, moti mukayambira pa 16 Juni m'malo mwa 9, mndandanda wonse ukhala m'masabata opumawo.

Ngati ndi ya nambala 2 ndi 4, Google Calendar ilibe posankha ziwirizi pamodzi. Pangani misonkhano iwiri ya dzina limodzi: wina woyambira pa 9 Juni wokhala "Monthly on the second Tuesday", wina woyambira pa 23 Juni wokhala "Monthly on the fourth Tuesday". Apa 23 Juni ndi tsiku labwino loyambira chifukwa si Lachiwiri lomaliza la mweziwo, ndiye simungasankhe "last" mwangozi. Kumbukirani kuti mukasintha nthawi kapena malo, muzisintha pa iwiri yonse. Ndipo popeza banki m'khonde imakhala ndi tsiku logawana, pa "Ends" ikani deti limenelo m'malo mosiya kuti izibwereza mpaka kalekale, kuti gulu likadzasankha masiku ena chaka chamawa muyambire pabwino.