Bilu ya madzi ikakwera modzidzimutsa pa nyumba ya lendi

"Tilipo mabanja atatu pa mita imodzi. Bilu ya madzi yakwera kuchoka pa makyubiki mita 30 kufika pa 75, ndipo eni nyumba akuti tigawane yonseyo. Komabe mwezi uliwonse timapereka ndalama yosamalira pamalo. Kodi n'chilungamo?"

Musanakangane ndi aliyense, fufuzani kaye komwe madziwo apita. Makyubiki mita 45 owonjezerawo ndi malita 45,000, kutanthauza malita 1,500 patsiku, pafupifupi lita imodzi mphindi iliyonse usana ndi usiku. Kuchapa kapena kulandira alendo sikungafike pamenepo. Ine ndikuganiza kuti penapake pakudontha.

Usiku tsekani mipope yonse, nonse mugwirizane kuti pasapezeke wotunga kapena wogejemula chimbudzi, kenako jambulani nambala za pa mita. Mukaone m'mawa. Ngati nambala zasuntha, madzi akutayika. Yambani ndi thanki ya chimbudzi, chifukwa mphira wake ukatha madzi amangotsikira m'chimbudzimo mwakachetechete. Kenako yang'anani malo onyowa kapena udzu wobiriwira modabwitsa motsata paipi.

Zikadziwika, kugawa sikuvuta. Kawirikawiri kampani ya madzi imasamala paipi mpaka pa mita, ndipo ngongole imaifuna kwa amene dzina lake lili pa bilu, osayang'ana zomwe munagwirizana pakhomopo. Kuchoka pa mita kulowa mkati, mapaipi ndi mbali ya nyumba, choncho kukonza n'kwa mwini wake. Wochita lendi amalipira madzi amene wagwiritsa ntchito ndi zomwe wawononga yekha. Ngati yaphulika ndi paipi yapansi panthaka, sindikuona chifukwa choti inu mulipire 45 uja. Koma ngati wina mwa inu ankaona mpope ukudontha kwa masabata angapo osanena, mlandu uli naye. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti vuto lotere muzilinena tsiku lomwelo, molemba, n'kusunga uthengawo.

Pa 30 wanthawi zonse uja, kugawa patatu mofanana kumapweteka banja laling'ono. Tinene kuti mabanjawo ali ndi anthu 2, 3 ndi 5. Munthu aliyense zimugwera makyubiki mita 3, ndiye mabanjawo alipire 6, 9 ndi 15. Njira yabwino koposa ndi yoti nyumba iliyonse ikhale ndi kamita kakekake.

Ndalama yosamalira pamalo ija ndi ya zinthu za onse, monga mlonda, magetsi apanja, kutaya zinyalala kapena kuthirira kapinga. Werengani mgwirizano wanu wa lendi, chifukwa ndi womwe umalamula, bola usasemphane ndi malamulo a dziko lanu. Ngati walemba kuti madzi apanja ali m'ndalama imeneyi, achotsedwe pa bilu musanagawane, apo ayi mulipira kawiri. Ngati sunatchule kanthu, pemphani eni nyumba mwaulemu kuti alembe zomwe ndalamayo imagwira, asainire limodzi ndi mabanja onse atatu.